Moni wa pulotokolo akudya nthawi ya wapampando: tidule pati osalakwira munthu?

Mlembi wa ku Lunzu:
Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Lachisanu likudzali tikulandira buloko ya makalasi awiri pa sukulu yathu ya pulayimale kuno ku Lunzu, ndipo ndapatsidwa ntchito yolemba mawu a wapampando wa komiti ya sukulu. Pa pulogalamu wapatsidwa mphindi zitatu basi. Alendo a pa mndandanda alipo 16: Bwanamkubwa wa boma, amene ndi mlendo wolemekezeka, phungu wa dera lino, wapampando wa khonsolo, khansala wathu, mfumu yaikulu, magulupu awiri, nyakwawa zitatu, mkulu wa maphunziro m'boma, mlangizi wa maphunziro wa zoni yathu, mkulu wa bungwe lomwe lamanga buloko, abusa, shehe ndi ahedi. Kuwerenga onsewa ndi maina ndi maudindo awo kukupitirira mphindi ziwiri. Ndiye wapampando atsala ndi chiyani choti anene? Oyankhula onse alipo asanu ndi awiri. Ndidule pati kuti pasakhale wodandaula?

Emusi wa ku Bangwe:
Achimwene musavutike. Atchule mlendo wolemekezeka yekha, kenako anene kuti pulotokolo yonse yatsatidwa, alowe m'nkhani. Masiku ano aliyense akutero, ngakhale m'mahotela mu Blantyre muno.

Bambo Mbewe:
A Emusi, zimenezo zimayenda ku hotela chifukwa m'chipindamo mumakhala anthu a maofesi okhaokha, odziwana, ndipo aliyense akuyang'ana wotchi. Pa bwalo la sukulu ku Lunzu, mafumu atakhala kutsogolo, nkhani ndi ina. Komanso mawu amenewo ali ndi vuto lake. Munthu akanena kuti mwambo wonse watsatidwa, akuloza ku ntchito imene wina waigwira kale. Ngati palibe amene wawerenga mndandanda wonse poyamba, mawuwo ndi opanda kanthu, ndipo mafumu amamva kuti awadumpha mochenjera.

A Mlembi, tiyambe ndi masamu anuwo. Dzina limodzi ndi udindo wake, munthu akamayankhula modekha pa chimkuzamawu, limatenga masekondi asanu ndi atatu kapena kuposerapo. Anthu 16 ndiye masekondi 128, zomwe mwazipeza kale. Koma simunawerengere m'manja ndi nthungululu. Akatchulidwa mfumu yaikulu kapena phungu, amayi amalulutira, woyankhula amadikira, ndiye mphindi ziwiri zija zimafika zitatu. Oyankhula asanu ndi awiri aliyense akabwereza mndandanda womwewo, mphindi 15 kapena 20 zatha ndi maina okhaokha, ana ali padzuwa.

Choncho musayambe ndi pepala la wapampando, yambani ndi pulogalamu yonse. Mndandanda wathunthu uwerengedwe kamodzi, ndi wotsogolera mwambo, pemphero lotsegulira likangotha. Pamenepo asafulumire: atchule dzina lonse ndi udindo, mlendo aimirire kapena akweze dzanja, anthu amuwombere m'manja. Mphindi zinayi zimenezo ndi zogwiritsidwa bwino ntchito, chifukwa aliyense walandira ulemu wake pamaso pa anthu. Akamaliza anene poyera kuti, “Chifukwa cha ana athu amene ali padzuwa, tapempha oyankhula onse kuti asabwerezenso mndandandawu.” Mawu amenewa ndi amene amateteza wapampando wanu. Akadula, anthu amadziwa kuti wamvera dongosolo la tsikulo, osati wadzikuza.

Nangondo:
Bambo Mbewe anena zoona, koma ndiwonjezerepo pamene ambiri amapunthwa. Kudula sikulakwika. Cholakwika ndi kudulira pakati pa anthu ofanana udindo. Muli ndi magulupu awiri: atchuleni onse maina, apo ayi nenani kuti “magulupu athu” basi. Mukatchula dzina la gulupu mmodzi chifukwa sukulu ili m'dera lake, winayo n'kumuponya mu “ndi mafumu onse”, ndiye kuti mwamutsitsa pamaso pa nyakwawa zake. Zili ngati kugawa ndiwo kwa ana: onse akalandira nthuli yaing'ono palibe amalira, koma mmodzi akalandira ziwiri mnzake osalandira, nyumba yonse imva.

N'chimodzimodzi abusa ndi shehe. Musanene kuti “abusa athu ndi atsogoleri ena a zipembedzo”. Mawu akuti “ena” amapweteka, chifukwa mmodzi wapatsidwa nkhope, mnzake wasanduka wotsalira. Nenani “abusa athu ndi shehe wathu”, kapena “atsogoleri a mipingo ndi mizikiti”. Ku Lunzu Asilamu ndi ambiri ndithu, ndipo ana awo ali m'makalasi omwewo.

Njira yodziwira ngati mwadula bwino ndi iyi. Tengani mndandanda wa anthu 16 uja m'dzanja limodzi, moni wanu wachidule m'dzanja lina. Pa dzina lililonse dzifunseni kuti, munthu uyu akamva moniyu, adzipeza pa mawu ati? Ngati pali mmodzi amene mukumusowera malo, onjezerani gulu lake. Ngati pali amene akugwera magulu awiri, palibe vuto.

Che Ajusa wa ku Ndirande:
Ine ndikuona ngati vuto ndi kutalika kwa mawu onse. Wapampando asalongosole mbiri ya sukulu kuyambira pamene idatsegulidwa. Athokoze, apemphe madesiki, akhale pansi. Ena amafika mpaka pa nkhani ya feteleza pa mwambo wa sukulu.

Mlembi wa ku Lunzu:
Che Ajusa, mawu enieniwo ndi afupi kale, ndi ndime ziwiri zokha: kuthokoza, ndi lonjezo la makolo losamalira buloko. Chikundivuta ndi moni woyambirira. Mayi Nangondo, nanga amene ayenera kutchulidwa payekha zivute zitani ndi ndani?

Nangondo:
Kwa woyankhula wa pakati ngati wapampando wanu, alipo atatu. Woyamba ndi amene wakupatsa mpata woyankhula, wotsogolera mwambo, ndipo kwa iyeyo “zikomo” ndi wokwanira. Wachiwiri ndi mlendo wolemekezeka. Wachitatu ndi mwini nthaka, mfumu yaikulu. Ameneyu samalowa m'gulu. Mukhoza kumangirira magulupu ndi nyakwawa kumbuyo kwake, koma iye aziyamba payekha. Otsalawo alowe m'magulu, ndipo maina awo asiyeni, tchulani maudindo okha. Bwanamkubwa wa boma la Blantyre ndi mmodzi, palibe angasokonezeke. Kusiya maina kumapulumutsa nthawi, komanso kumapewetsa ngozi ya kupotoza dzina la munthu kapena kuiwala kuti ndi Dokotala. Udindo wolondola wopanda dzina ndi wabwino kuposa dzina lolakwika.

Yesani iyi:

“Zikomo wotsogolera mwambo. Mlendo wathu wolemekezeka, Bwanamkubwa wa boma la Blantyre. A Gogo Chalo, Mfumu Yaikulu, pamodzi ndi magulupu ndi nyakwawa zonse. Olemekezeka phungu wathu, wapampando wa khonsolo ndi khansala wathu. Akuluakulu a zamaphunziro. Abale athu a bungwe lomwe latimangira buloko. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Ahedi ndi aphunzitsi, makolo anzanga, ndi inu ana athu: ndikupatsani moni nonse.”

Akawerenga mopumira pa gulu lililonse, sizipitirira masekondi 40. Onse 16 alimo, ndipo tawonjezamo makolo ndi ana amene pa mndandanda wanu sanalipo. Amenewa musawaiwale. Makolo ndi amene anatuta mchenga ndi madzi, ndipo moni wofupika akathera pa iwo, anthu amamva kuti wapampando wayankhula ndi bwalo lonse osati tebulo la alendo lokha.

Emusi wa ku Bangwe:
Mayi, pamenepo mwaika mfumu patsogolo pa phungu. Ine ndimadziwa kuti phungu ndi wamkulu, amapanga malamulo a dziko. Ndipo Bwanamkubwa ndi wogwira ntchito m'boma chabe, angayambe bwanji phungu alipo? Komanso mwaiwala a Meya.

Bambo Mbewe:
Za a Meya ayi. Blantyre ali ndi makhonsolo awiri, ya mzinda ndi ya boma. Meya ndi wa khonsolo ya mzinda. Sukulu imene ikuyang'aniridwa ndi khonsolo ya boma, mtsogoleri wa makhansala ake amatchedwa wapampando wa khonsolo, monga momwe a Mlembi alembera. Mukamutchula kuti Meya anthu aseka, ndipo mwiniwake sasangalala. Mwambowu ukanakhala ku Bangwe kwanuko kapena ku Ndirande, ndiye Meya akanalowa.

Za Bwanamkubwa: mlendo wolemekezeka amayamba chifukwa cha mpando umene wapatsidwa tsikulo, osati chifukwa cha kukula kwa udindo wake masiku onse. Mwamuitana kuti adzatsegulire buloko, ndiye iye ndi woyamba kutchulidwa ndiponso womaliza kuyankhula. Zindikirani kuti madongosolo awiriwa amayenda mosemphana. Moni amatsika kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, pamene oyankhula amakwera kuchokera kwa wamng'ono kukathera kwa mlendo wolemekezeka. Olemba pulogalamu ena amasakaniza ziwirizi, n'kupezeka wapampando wa komiti akuyankhula mfumu yaikulu itayankhula kale. Zikatero ngakhale moni akome bwanji, mwambo wapendekeka.

Pa za phungu ndi mfumu, a Emusi muli ndi mfundo pang'ono. Pa misonkhano ya boma nthawi zambiri mumamva phungu akutchulidwa mafumu asanatchulidwe. Ine pa mwambo uwu, popeza mlendo wolemekezeka ndi wa boma ndipo sukulu ndi ya boma, ndikanaika phungu ndi wapampando wa khonsolo pambuyo pa Bwanamkubwa, kenako mfumu yaikulu.

Nangondo:
Pamenepo ndiye tisiyana, Bambo. Woyankhulayo si wa ku ofesi ya Bwanamkubwa. Ndi kholo la m'mudzi, munthu wa mfumu yomweyo. Phungu amasankhidwa zaka zisanu zilizonse, mawa akhoza kukhala wina, koma mfumu ndi imene wapampando adzakaigwadire pa nkhani ya malo a bwalo la mpira. Wa ku boma akayamba ndi phungu palibe adabwe. Mwana wa m'mudzi akaika mfumu yake pambuyo pa khansala, akuluakulu amayang'anana.

Bambo Mbewe:
Sindinati pambuyo pa khansala, ndati pambuyo pa phungu ndi wapampando wa khonsolo. Koma ndikumva. Chimene sindingalole n'chakuti wotsogolera mwambo ayambe ndi phungu, ahedi ayambe ndi mfumu, wapampando abwererenso kwa phungu. Kusinthasintha kumeneko ndi kumene kumaoneka ngati anthu akukokana. A Mlembi, pitani ku ofesi ya Bwanamkubwa kapena imbirani amene akukonza ulendo wake, muwaonetse mndandanda, muonetsenso nduna ya mfumu yaikulu. Dongosolo limene mugwirizane mulilembe pa pepala limodzi, aliyense woyankhula alandire lake Lachinayi, osati m'mawa wa tsikulo.

Mayi Busa wa ku Chilomoni:
Pepani ndilowetsepo ya ife. Kodi zimenezi zimagwiranso pa maliro? Kumeneko oyankhula amachuluka, wa kuchimuna, wa kuchikazi, wa kuntchito, mfumu, ndipo aliyense amayamba kutchula anthu mpaka dzuwa kupendeka adzukulu akudikira kumanda.

Che Ajusa wa ku Ndirande:
Mayi Busa, pa maliro kufupikitsa n'kosavuta chifukwa palibe mlendo wolemekezeka, aliyense wabwera kudzalira. Woyankhula alemekeze mfumu ya pamalopo, anamfedwa, mpingo kapena mzikiti umene ukuyendetsa mwambo, ndiye “nonse mwabwera kudzatikhuza”. Zinayi basi. Phungu akabwera, mwini mwambo amuzindikire kamodzi. Woyankhula aliyense akamayamba ndi andale ndi mabwana a kuntchito, anamfedwa n'kubwera kumapeto, maliro amasanduka msonkhano. Chokhacho, mbali ziwiri za banja muzitchule zonse: mukati “akuchimuna” nenaninso “akuchikazi” mpweya womwewo.

Mlembi wa ku Lunzu:
Ndalemba zonsezi. Pali zina ziwiri zikundiopsa. Tamva kuti mwina Bwanamkubwa sabwera, atuma womuimira. Komanso phungu wathu nthawi zina amafika mwambo uli pakati chifukwa cha misonkhano ina. Pepala la wapampando likhala litalembedwa kale, ndipo ndi munthu amene amawerenga zomwe zili papepala osasintha.

Bambo Mbewe:
Apa ndi pamene pepala lolembedwa Lachinayi limagwetsa munthu Lachisanu. Moni musamulembe pamodzi ndi mawu enawo. Mulembeni pa kakhadi kapadera, zilembo zikuluzikulu, gulu lililonse pa mzere wake, mizere isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, ndipo pakati pa mizere musiye mpata wolembamo ndi cholembera. Inu a Mlembi mukhale pafupi ndi wotsogolera mwambo. Alendo akakhala pansi, yang'anani tebulo, fafanizani amene sanafike, konzani amene asintha, ndiye mupatse wapampando kakhadiko pamene ahedi akuyankhula. Kupereka moni kwa mpando wopanda munthu kumaonetsa kuti woyankhula sakuona amene ali patsogolo pake, ndipo anthu amayamba kung'ung'udza mawu asanayambe n'komwe.

Womuimira Bwanamkubwa mumulemekeze ndi mpando umene wakhalapo, koma musamutche Bwanamkubwa. Wapampando anene kuti, “Mlendo wathu wolemekezeka, amene mukuimira Bwanamkubwa wa boma la Blantyre.” Akhala pa mzere woyamba womwewo ngakhale udindo wake wa ku ofesi uli wocheperapo kwa ena amene alipo. Dzina lake ndi udindo wake weniweni azitchula wotsogolera mwambo poyamba paja. Ndi mmenenso muchitire mfumu yaikulu ikatuma gulupu kapena nduna yake: “amene mukuimira a Gogo Chalo”. Apo samalani, chifukwa ngati woimirayo ndi mmodzi wa magulupu awiri aja, tsikulo wakwera, ndipo mzere wotsatira usakhalenso “magulupu” koma “a gulupu ndi nyakwawa zonse”.

Phungu akafika mochedwa, woyankhula asaime pakati pa chiganizo kuti amulonjere. Amalize, ndiye wotsogolera mwambo amuzindikire asanaitane wotsatira. Oyankhula amene akubwera pambuyo amuwonjezere pa moni wawo. Amene ayankhula kale alibe mlandu.

Emusi wa ku Bangwe:
Izi za kakhadi ndagwirizana nazo. Ndiwonjezere za mashado. Kumakhala anthu amene akufuna kudzaimira pa chisankho, amabwera osaitanidwa n'kukhala kutsogolo, mwina aperekapo matumba awiri a simenti. Mukawatchula kuti “olemekezeka” phungu alipo, moto wabuka. Mukawasiyiratu, anyamata awo ayamba phokoso kumbuyo.

Nangondo:
Apa ndiye moni wa m'magulu amathandiza kuposa mndandanda wautali. Onjezani mzere wakuti “onse akufuna kwabwino amene mwatithandiza pa ntchitoyi”. Shado adzipeza m'menemo ngati waperekadi simenti, popanda kupatsidwa udindo umene alibe. Pa moni wachidule musatchule chipani cha munthu aliyense, ngakhale cha phungu.

Khansala yekha musamusiye. Mapepala akale amene amasungidwa m'maofesi a ahedi ambiri alibe mzere wa khansala, chifukwa kuchokera mu 2005 mpaka chisankho cha 2014 kunalibe makhansala m'dziko muno, ndiye ena amangokopera mndandanda wa nthawi imeneyo. Lero ntchito za chitukuko ngati buloko yanuyi zimadutsa ku khonsolo. Kutchula phungu n'kusiya khansala kumaoneka ngati komiti yasankha mbali pa nkhani ya amene wabweretsa chitukukocho. N'chifukwa chake ndawaika pa mzere umodzi atatuwo.

Mayi Busa wa ku Chilomoni:
Ine ndinenepo za thupi, chifukwa ulemu suli m'mawu okha. Munthu akawerenga moni wa masekondi 40 mothamanga, maso ali papepala, amaoneka wamwano kuposa amene wadumpha dzina. Wapampando akati “a Gogo Chalo” atembenukire kumene kwakhala mafumu, aweramitse mutu pang'ono kapena awombe m'manja kawiri mwaulemu, apume, ndiye apitirire. Akati “makolo anzanga” ayang'ane bwalo. Ngati wavala chipewa avule asanagwire chimkuzamawu. Akakhala mayi, kupinda mawondo pang'ono polunjika mafumu kumakwanira. Zimenezi zimadya masekondi asanu okha, koma ndi zimene akuluakulu amaona. Ndiye moniyo auloweze pamtima, kakhadi kakhale kongomukumbutsa.

Bambo Mbewe:
Zoona Mayi Busa. Ndipo si oyankhula onse amene adule mofanana. Gulupu wolandira alendo, popeza ndi woyamba kuyankhula ndiponso mwini bwalo, musamuumirize kwambiri. Akatchula alendo asanu kapena asanu ndi mmodzi payekhapayekha, ndi udindo wake wolandira. Mfumu yaikulu simungailembere moni, ingodziwitsani nduna yake nthawi imene ilipo. Mlendo wolemekezeka nthawi zambiri amabwera ndi mawu olembedwa kale ku ofesi kwake, mndandanda uli momwemo, ndipo chimene mungachite ndi kuwatumizira maina olondola msanga. Amene mungawalamulire ndi anu: ahedi, wapampando, ndi mkulu wa bungwe mukamupempha bwino. Atatu amenewa akatsika kuchoka pa mphindi ziwiri kufika pa masekondi 40 aliyense, mwapulumutsa mphindi zinayi, ndipo pa nthungululu zobwerezabwereza mupulumutsanso zina.

A Emusi, mawu anu aja ali ndi malo ake pamenepa. Mkulu wa bungwe, amene ayankhule wachinayi, akhoza kutchula mlendo wolemekezeka ndi mfumu yaikulu, n'kunena kuti, “ndi nonse monga mwalemekezedwa kale ndi wotsogolera mwambo”. Pamenepo n'zoona, chifukwa mndandanda wawerengedwa ndipo anthu awiri aubwereza m'magulu.

Nangondo:
Kwa mlendo wochokera ku bungwe ndikhoza kulola. Kwa wapampando wa komiti ayi, iyeyo atchule magulu onse. Akuyankhula m'malo mwa makolo, ndipo mawa akumana ndi nyakwawa zomwezo pa chitukuko.

Mlembi wa ku Lunzu:
Zikomo nonse. Ndatenga moni wa Mayi Nangondo, ndawonjezera mzere wa akufuna kwabwino, ndipo ndaulemba pa kakhadi mizere isanu ndi inayi. Ahedi avomera kuti wotsogolera mwambo awerenge mndandanda wonse kamodzi ndi kulengeza pempho lija. Za amene ayambe pakati pa phungu ndi mfumu yaikulu ndasiya mpata, ndikafunse ku ofesi ya Bwanamkubwa ndi kwa nduna ya mfumu mawa. Nanga awiriwo akandiuza zosiyana, nditsate ziti?

Che Ajusa wa ku Ndirande:
Akasiyana, musasankhe nokha a Mlembi. Auzeni ahedi ndi gulupu wa pamalopo akambirane ndi ofesiyo pa foni Lachinayi lisanathe, inu mungolemba chimene atuluke nacho.